Chikasu cha mwana wakhanda: werengani maola, yang'anani pomwe chafika

Mayi akandiuza kuti mwana wake wachita chikasu, ndimayamba ndamufunsa kuti mwanayo anabadwa nthawi yanji, ndipo chikasucho anachiona liti. Mtundu womwewo pankhope ya khanda la masiku anayi ndi pankhope ya khanda la maola khumi ndi nkhani ziwiri zosiyana kwambiri. Woyambayo nthawi zambiri amangofunika kuyezedwa ndi kuyamwa mokwanira. Wachiwiriyo afunika kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo.

Chikasuchi chimachokera m'magazi. Maselo ofiira a magazi akakalamba amasweka, n'kutulutsa chinthu chachikasu chotchedwa bilirubini. Chiwindi chimachitenga, kuchisakaniza ndi ndulu n'kuchitaya kudzera m'chimbudzi. Khanda limabadwa ndi maselo ofiira ambiri, ndipo sakhalitsa ngati a munthu wamkulu, amene amatha masiku pafupifupi 120. Pamenepo chiwindi chake sichinakhwime, ntchito imachichulukira, ndiye bilirubini amatsalira m'thupi. N'chifukwa chake ana pafupifupi 6 mwa 10 obadwa masiku atakwana, ndi 8 mwa 10 obadwa masiku osakwana, amachita chikasu sabata yoyamba. Chamtundu umenewu chimaoneka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, kenako chimazilala chokha pasanathe masabata awiri.

Kuyang'ana kwake kumafuna kuwala kwa masana, pafupi ndi zenera, chifukwa nyale zambiri zimanamiza maso. Muvuleni mwanayo, dinikizani chala pang'ono pachipumi kapena pansonga ya mphuno, ndiye chotsani. Pomwe panali chalapo pamayera kwa kanthawi magazi asanabwerere, ndipo m'kanthawi kameneko ndi momwe chikasu chimaonekera. Pakhungu lakuda ambiri amachiphonya, poti mtunduwo umabisala. Musadalire khungu lokha. Yang'anani koyera kwa maso, nkhama, ndi kunsi kwa lilime mwana akamalira.

Chikasu chimayambira kumutu n'kumatsika. Chikamachuluka m'magazi chimafika pachifuwa, pamimba, m'ntchafu, m'miyendo, pomaliza m'zikhatho ndi kumapazi. Choncho dinikizani chala m'malo amenewa motsatana, tsiku lililonse sabata yoyamba, muzikumbukira pomwe chinalekezera dzulo. Chikadutsa pamchombo musadikire mawa. Chikaoneka m'zikhatho ndi kumapazi, kaya mwanayo ali ndi masiku angati, ndiye kuti chakula ndithu, nyamukani nthawi yomweyo. Koma apa ndinene mosabisa: maso amangotiuza kuti chikasu chilipo, sangatiuze kuchuluka kwake. Ngakhale namwino wazaka zambiri pantchito amatha kuchiona ngati chochepa pomwe chili chochuluka. Kuchuluka kwake kumadziwika ndi kachipangizo koyezera pakhungu, kapena poyeza magazi otengedwa pachidendene.

Tiyerekeze mwana wobadwa masabata 39 atakwana, Lolemba 6 koloko m'mawa. Lachinayi m'mawa mayi waona kuti maso asanduka achikasu, ndipo podinikiza chala, mtunduwo wafika pamimba. Apa mwanayo ali ndi maola 72. Akayezedwa n'kupezeka kuti mlingo wa bilirubini m'magazi ndi 260 µmol/L, malangizo ena amene achipatala amatsatira amaika malire oyambira chithandizo pa 300 kwa mwana wa msinkhu umenewo. Ndiye kuti sanafike, koma ali pafupi, ndipo chikasu chikhoza kukhala chikukwerabe. Adzafuna kumuyezanso pasanathe tsiku, ndipo tsiku lobwererali si lojomba. Nambala yomweyo ya 260 ikanapezeka Lachitatu m'mawa, mwana ali ndi maola 48, ikanakhala itadutsa malire a 250, ndipo akanayamba kumuthandiza pompo. Mwana wobadwa masiku osakwana malire ake amakhala otsikirapo, chifukwa ubongo wake suchedwa kuvulala. Ndiye chifukwa chake muyenera kusunga ola lobadwa, osati tsiku lokha.

Chikasu cha maola 24 oyamba chimaopsa chifukwa kawirikawiri chimasonyeza kuti maselo ofiira akusweka mothamanga. Zimachitika magazi a mayi ndi a mwana akasemphana, monga mayi wa gulu O atabereka mwana wa gulu A kapena B. Matenda olowa m'magazi a khanda nawonso amachiyambitsa. Ana ena amabadwa ndi maselo osachedwa kusweka, ena amatuluka ndi chotupa cha magazi pamutu, ndipo magaziwo akamasungunuka amawonjezera bilirubini. Ngati mkulu wake wa mwanayo anagonekedwapo chifukwa cha chikasu, auzeni achipatala asanafunse n'komwe.

Chimene timathawa n'chakuti bilirubini akachuluka kwambiri amalowa mu ubongo, ndipo zimene waononga sizikonzeka. Mwana amatha kugontha, kapena kukula ziwalo zili zoumauma osatha kuziyendetsa bwino. Zizindikiro zoyamba n'zonyenga, poti mwana amangooneka wofatsa. Amagona kwambiri, mukamudzutsa sadzuka bwino, akagwira bere amayamwa mofooka n'kulisiya, thupi lili lendelende. Zikapitirira amalira ndi mawu okwera osazolowereka, amapindira khosi ndi msana kumbuyo, amatentha thupi kapena kukomoka. Mwana wachikasu amene wakana bere kawiri motsatizana asagone pakhomo.

Chithandizo chachikulu ndi nyale yapadera yowala mobiriwira ngati thambo. Mwana amagonekedwa pansi pake ali ndi thewera lokha, maso ataphimbidwa. Kuwalako kumasintha bilirubini pakhungu kuti atuluke mumkodzo ndi m'chimbudzi popanda kudikira chiwindi. Sikupweteka, ndipo ana ambiri amafunika tsiku limodzi kapena awiri. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kumufunditsa pomumvera chisoni kuti akuzizidwa, kapena kukhala naye m'manja nthawi yaitali atamaliza kuyamwa. Khungu lomwe kuwala sikukulifikira silikuthandizidwa. Chimbudzi chikafewa n'kuoneka chobiriwira musadabwe. Akachoka pa nyale khungu limanamiza kwambiri, ndiye amayezanso magazi. Nyale ikalephera, kapena mwana akafika mochedwa, madokotala amasintha magazi ake pang'onopang'ono ndi ena, njira yomwe ili ndi zoopsa zake.

Kumuika padzuwa sikulowa m'malo mwa nyale. Amapsa khungu, amatha madzi m'thupi kapena kuzizidwa, ndipo nthawi yopita kuchipatala imakhala ikutha. Madzi akumwa nawonso satsuka chikasu, amangodzaza m'mimba mwana n'kusiya kuyamwa. Chothandiza ndi bere, ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku, kumudzutsa ngati wagona kupitirira maola atatu, pakuti mkaka ndi umene umakankha chimbudzi chotulutsa bilirubini. Pofika tsiku lachisanu azinyowetsa matewera pafupifupi asanu ndi limodzi patsiku.

Palinso chikasu chokhalitsa, chopitirira masiku 14, kapena 21 kwa wobadwa masiku osakwana. Nthawi zambiri chimakhala cha ana oyamwa bwino, onenepa bwino, ndipo si chifukwa chosiyitsira bere. Komabe ayezedwe, ndipo inu yang'anani m'thewera. Mkodzo wa khanda umakhala woyera ngati madzi, chimbudzi chachikasu kapena chobiriwira. Mkodzo ukada n'kumathimbiritsa thewera, chimbudzi n'kutuwa ngati choko, mwina njira za ndulu zatsekeka. Pamenepo nyale sithandiza, pamafunika opaleshoni, ndipo imayenda bwino ikachitika mwana asanakwane miyezi iwiri. Popita kuchipatala tengani thewera lomwelo akalione okha.