Kawerengedwe ka nthawi ya thirayatiloni: kusambira, njinga, kuthamanga ndi za pakati

Kuno ku Chipata njinga sitiopa, timakulira pamenepo, ndiye mnzanga wina atandiuza kuti akufuna kumaliza thirayatiloni asanakwane maola 3 ndinangoti tiyeni titenge pepala tione ngati manambala akuvomera. Tinapeza kuti pamene anthu amagwa si pa njinga ayi, ndi pa masamu a nthawi, chifukwa mineti ili ndi masekondi 60 osati 100, ndipo kalikuleta ya mu foni sidziwa zimenezo. Ndikuonetsani momwe tinachitira, pa mtunda umene amauti wa Olimpiki, womwe ndi kusambira mamita 1,500, kupalasa makilomita 40, kenako kuthamanga makilomita 10.

Choyamba lembani mizere isanu osati itatu

Ambiri amalemba kusambira, njinga, kuthamanga, basi n'kuphatikiza. Koma wotchi ya mpikisano siima mukatuluka m'madzi. Pali nthawi ziwiri za pakati zimene pa pepala la zotsatira mudzaziona zalembedwa T1 ndi T2. T1 ndi kuchokera pamene mwatuluka m'madzi, kuthamanga mapazi onyowa kukafika pamene munakoleka njinga, kuvala chisoti ndi nsapato, kukankha njingayo mpaka kutuluka m'bwalo losinthira. Chisoticho muyenera kumanga lamba wake musanachotse njinga pamalo pake, ndi lamulo. T2 ndi kutsika, kukoleka njinga, kusintha nsapato n'kuyamba kuthamanga. Ndiye mizere ndi isanu: kusambira, T1, njinga, T2, kuthamanga.

Chachiwiri sandutsani liwiro lililonse kukhala nthawi

Apa ndi pamene pali ntchito, chifukwa masewera atatuwa aliyense amayeza liwiro mwa njira yake.

Osambira amawerenga nthawi pa mamita 100 aliwonse. Mnzangayo amasambira mamita 100 pa mamineti 2 ndi masekondi 10. Mu mamita 1,500 muli mahandiredi 15, ndiye mamineti 2 kuchulukitsa ndi 15 ndi mamineti 30, masekondi 10 kuchulukitsa ndi 15 ndi masekondi 150 omwe ndi mamineti 2 ndi masekondi 30. Zonse pamodzi 32:30. Koma nambala ya 2:10 ija isakhale ya pamene munasambira mamita 100 kamodzi chabe muli ndi mphamvu zonse, ikhale ya mtunda wautali. Mu dziwe losambirira la mamita 25, mtunda wa 1,500 ndi maulendo 60, kupita ulendo umodzi kubwera ulendo wina, ndipo ulendo uliwonse mumakankha khoma ndi mapazi, pamene mu nyanja kapena mu damu khoma kulibe komanso munthu umasambira mokhotakhota pofunafuna chizindikiro. Choncho nambala ya mu dziwe ndi yokomera, musaidalire kwambiri.

Pa njinga amawerenga makilomita pa ola. Iye amasunga 28 pa ola pa msewu wa tala. Mumagawa mtunda ndi liwiro, 40 kugawa ndi 28, kalikuleta ikupatsani 1.4286. Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa ulendo woyamba, ndinaona 1.43 ndiye ndinalemba ola limodzi ndi mamineti 43, mnzanga uja nkhope inagwa kuti ndiye kuti maola 3 n'zosatheka. Ayi. Ka .4286 kaja ndi gawo la ola, muyenera kukachulukitsa ndi 60, mupeza mamineti 25.71, ndiye ka .71 kotsalako muchulukitsenso ndi 60 mupeze masekondi pafupifupi 43. Nthawi yeniyeni ndi 1:25:43. Ndinali nditamuwonjezera mamineti 17 a bodza. Njira yachidule imene ndimakonda manje ndi iyi:

```
40 x 60 / 28 = 85.71
```

Ikupatsani mamineti nthawi yomweyo, 85 ndi ka .71 komwe ndi masekondi 43.

Kuthamanga n'kosavuta, ndi mamineti pa kilomita. Iye tinamulembera 5:45 pa kilomita, kuchulukitsa ndi 10, mamineti 50 ndi masekondi 450 omwe ndi 7:30, pamodzi 57:30. Anatsutsa kuti "koma ine makilomita 10 ndimathamanga mwachangu kuposa apa", ndipo ndi zoona, koma amatero Loweruka m'mawa atagona bwino. Mukatsika pa njinga patatha makilomita 40 miyendo imakhala ngati mwabwereka kwa munthu wina. Nambala yolemba apa itengeni tsiku limene mwapalasa kaye mwamphamvu n'kutsika n'kuthamanga pomwepo osapuma.

T1 tinayeza pakhomo ndi wotchi n'kuwonjezerapo kamtunda kothamanga kuchoka m'madzi, inabwera 3:15. T2 inabwera 1:50.

Chachitatu phatikizani, kuyambira ku masekondi

```
0:32:30
0:03:15
1:25:43
0:01:50
0:57:30
```

Yambani ndi mzere wa kumanja ngati mmene tinkachitira ku pulayimale. 30, 15, 43, 50 ndi 30 akupanga masekondi 168. Muli ma 60 awiri m'menemo, omwe ndi 120, kutsala 48. Lembani 48, mamineti 2 aja muwatengere kutsogolo. Mamineti ndi 32, 3, 25, 1 ndi 57, pamodzi 118, kuwonjezera 2 aja 120, ndiwo maola 2 ndendende osatsala kanthu. Kuphatikiza ola limodzi la pa njinga, maola 3. Yankho ndi 3:00:48.

Masekondi 48 chabe. Ndipo taonani, akanati aiwale T1 ndi T2 akanapeza 2:55:43 n'kumayenda m'tauni akuuza anthu kuti zatheka kale.

Amene mumakonda kompyuta, mu Excel lembani nthawi zisanu zija m'maselo B2 mpaka B6, iliyonse ndi maola kutsogolo, `0:32:30`, chifukwa mukalemba `32:30` imatenga ngati maola 32 ndi mamineti 30. Pansi pake ikani `=SUM(B2:B6)` ndipo maonekedwe a selo akhale `[h]:mm:ss`.

Chachinayi bwererani chammbuyo kupeza chandamale cha gawo lililonse

Manje funso limatembenuka, nthawi yomaliza mukuidziwa, mukufuna kudziwa kuti gawo lililonse lidye zingati. Tinasankha 2:58:00 osati 2:59:59, kuti pakhale mamineti awiri osungira zinthu monga tcheni kugwa kapena botolo la madzi kuterereka. 2:58:00 ndi mamineti 178.

Musanadule paliponse onani mtengo wa chidutswa chilichonse. Kuchotsa masekondi 5 pa mamita 100 aliwonse m'madzi ndi ntchito yaikulu ndithu kwa munthu amene anaphunzira kusambira atakula, ndipo phindu lake ndi masekondi 75 chabe. Kuchotsa masekondi 5 pa kilomita pothamanga kukupatsani masekondi 50. Koma kukweza njinga kuchoka pa 28 kufika pa 29 kumatsitsa nthawi kuchoka pa 1:25:43 kufika pa 1:22:46, pafupifupi mamineti atatu, chifukwa njinga ndi imene imadya pafupifupi theka la mpikisano wonse. Ndipo T1 ndi T2 ndi za ulere, sizifuna mapapo, zimangofuna kuyala zinthu mwadongosolo, chisoti chotsegula kale lamba, nsapato zomasula kale zingwe, ndi kuyeserera kangapo pabwalo anthu oyandikana nawo akukusekani.

Ndiye tinati kusambira kukhale pomwepo pa 32:30, T1 itsike pa 2:30, T2 pa 1:30. Zitatuzi ndi 36:30. Kuchotsa pa mamineti 178 kutsala 141:30 ya njinga ndi kuthamanga. Kuthamanga sitinakukhudze, 57:30, chifukwa munthu amene adzapalasa mwamphamvu kuposa kale sungamulonjezenso kuti adzathamanga mwachangu. Kuchotsa 57:30 pa 141:30 kutsala mamineti 84 ndendende a njinga. Liwiro lofunika mumalipeza potembenuza masamu aja:

```
40 x 60 / 84 = 28.57
```

Ndiye akufunika 28.6 pa ola, kungowonjezera pang'ono pa zimene amachita kale. Ichi ndi chinthu choti munthu angachigwire, osati zolota 32 pa ola n'kukayenda wapansi pa makilomita 10 omaliza.

Msampha wa mapiri

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ife a kuno tazunguliridwa ndi mapiri ndipo nkhaniyi imatinamiza. Tinene kuti msewu ndi wopita ndi kubwerera, makilomita 20 okwera pa liwiro la 24, makilomita 20 otsika pa 32. Mutu umathamangira kunena kuti pakati pa 24 ndi 32 ndi 28, ndiye zili bwino. Werengani nthawi muone. Makilomita 20 pa 24 ndi mamineti 50. Makilomita 20 pa 32 ndi mamineti 37 ndi theka. Pamodzi 87:30, osati 85:43, ndipo liwiro lenileni ndi 27.4. Chifukwa chake n'chakuti pokwera mumakhalapo nthawi yaitali kuposa potsika, ndiye liwiro lochepa lija limalemera kwambiri pa sikelo. Mtsetse subweza zonse zimene chitunda chinakulandani. Mphepo nayonso imachita chimodzimodzi, yokumenyani kumaso popita ndi yokukankhani pobwera sizifafanizana. Choncho ngati msewu wa mpikisano uli ndi zitunda, ugaweni m'zidutswa, chidutswa chilichonse mupeze mamineti ake, muphatikize mamineti, osati maliwiro.

Chomaliza, nthawi zoyang'ana pa wotchi

Pa tsikulo simudzakhala ndi mutu wochotsera manambala, mudzangoona wotchi imodzi imene ikuyenda kuyambira pamene munalowa m'madzi. Ndiye zandamale zija ziunjikeni motsatizana. Kutuluka m'madzi wotchi inene 32:30. Kukwera njinga 35:00. Pa kilomita ya 20, ngati msewu ndi wosalala, 1:17:00. Kutsika njinga 1:59:00. Kuyamba kuthamanga 2:00:30. Pa kilomita ya 5 yothamanga 2:29:15, pomaliza 2:58:00.

Mukatuluka m'madzi wotchi ikunena 34:00 mwachedwa ndi mineti imodzi ndi theka, ndipo izi zikukwanabe mu mamineti awiri osungira aja, palibe chifukwa chopondera njinga ngati mukuthawa mvula. Olo mutafuna kubweza yonse pa njinga, mamineti 84 akhala 82 ndi theka, liwiro likwera kufika 29.1 pa ola, ndipo muyenera kudzifunsa ngati munalisungapo liwiro limenelo kwa makilomita 40 n'kuthamanga bwino pambuyo pake. Mnzangayo manambala ake analemba ndi cholembera chosafufutika pa kachidutswa ka selotepi n'kumata pa chimubu cha njinga pafupi ndi handulo, a kuthamanga analemba kuseri kwa dzanja lamanzere.