Lekani kudula hashi pa manambala a malisiti a chimanga

Nyengo yogula chimanga ino ndakumana ndi vuto limodzi m'mapulogalamu amene achinyamata athu a mu Lusaka akulembera magulu a alimi. Munthu akufuna kuti lisiti lililonse likhale ndi nambala yakeyake, ndiye amatenga dzina la mlimi, tsiku ndi kuchuluka kwa matumba, n'kuziponya mu SHA-256, njira yopangira hashi imene imatulutsa zilembo 64. Poona kuti zilembo 64 n'zazitali pa uthenga wa pafoni, amadula:

```
hashlib.sha256(data).hexdigest()[:6]
```

Ukafunsa, amati, “Bwana, SHA-256 sinathyoledwepo.” Zoona, koma inu mwatsala ndi zilembo 6 zokha. Chilembo chilichonse chimanyamula mabiti 4, ndiye muli ndi mabiti 24, kapena kuti manambala otheka 16,777,216. Mphamvu ya mabiti 256 ija mwaitaya nokha.

Amayankhanso kuti malisiti awo ndi 5,000 chabe pa nyengo, angawombane bwanji pa manambala mamiliyoni 16? Apa ndi pamene pali polakwika penipeni. Iwo akuwerengera mwayi woti lisiti limodzi lifanane ndi lina limene alisankhiratu. Koma kuti zinthu zisokonekere, pakungofunika malisiti awiri alionse ofanana nambala. N'chimodzimodzi ndi nkhani ya masiku obadwa: chaka chili ndi masiku 365, koma mukasonkhanitsa anthu 23 okha, mwayi woti awiri mwa iwo ali ndi tsiku lobadwa lofanana umapitirira pang'ono theka. Chifukwa chake n'chakuti anthu 23 mungawaike awiriawiri m'njira 253.

Tiyeni tiwerenge malisiti aja. Malisiti 5,000 mungawaike awiriawiri m'njira 12,497,500. Mukayerekeza ndi manambala 16,777,216 aja, mwayi woti pena pawombane umafika pa maperesenti 52. Pamene ankayesa pulogalamuyo ndi malisiti 500, mwayiwo sunkafika ngakhale peresenti imodzi, n'chifukwa chake zonse zinkaoneka bwinobwino. Malisiti akachuluka kakhumi, njira zowaika awiriawiri zimachuluka pafupifupi ka 100. Akafika 10,000, mwayi uli pa maperesenti 95. Pamenepo si ngozinso, mukungodikira tsiku.

Ndipo wolira si wolemba pulogalamu. Amayi ena a ku Chongwe anandiuza kuti anapereka chimanga chawo kudepoti ya gulu lawo, n'kulandira nambala pafoni. Atapita kukatenga ndalama, kalaliki anawaonetsa pakompyuta kuti nambalayo yalipidwa kale, ndipo dzina linali la bambo wina amene samudziwa n'komwe. “Mwananga,” anatero amayiwo, “ine ndakwera minibasi kawiri kubwera m'tauni, ngolo yonyamula matumba ndinachita kulipira, lero mukunditenga ngati wakuba?” Kalalikiyo anayamba kukayikiridwa kuti wadya ndalama. Palibe amene anaba. Lisiti lachiwiri linangolembedwa pamwamba pa loyamba, popeza pulogalamu inkati ikapeza nambala ilipo kale, imangosintha zam'katimo mwakachetechete.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti akamva zimenezi amangowonjezera zilembo ziwiri, poti ndi mmene anaonera kwa anzawo. Zilembo 8 ndi mabiti 32, ndipo theka la mwayi wowombana limafika pa malisiti pafupifupi 77,000. Gulu likakula kapena mukasunga malisiti a zaka zingapo pamodzi, mwabwerera pomwe paja. Lamulo lake n'losavuta kuloweza: hashi ya mabiti n imayamba kuwombana zinthu zikayandikira 2^(n/2). Pa nkhani ya kuwombana, mumapindula ndi theka la mabiti amene mwasunga.

Zonsezi ndi kuwombana kwangozi. Ngati hashiyo ndi imene imatsimikizira kuti chikalata sichinasinthidwe, ganizani za munthu wofuna dala kupanga zikalata ziwiri za hashi imodzi. Pa mabiti 64 amangofunika kuyesa ka 2^32, ntchito imene kompyuta wamba imamaliza osachedwa. Pamenepo osadula n'komwe. MD5 ndi SHA-1 nazo zisiyeni: MD5 anaiwombanitsa mu 2004, SHA-1 mu 2017.

Tsono chochita, mwachidule. Yambani mwafufuza ngati zawombana kale:

```
SELECT code, COUNT(*) FROM malisiti
GROUP BY code HAVING COUNT(*) > 1;
```

Mukapeza awiri, werengeraninso hashi yonse ya aliyense. Zikasiyana, vuto ndi kudula kuja. Zikafanana, ndiye lisiti limodzi linalowetsedwa kawiri, kapena malisiti awiri ali ndi dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa matumba zofanana. Ngati pulogalamu yanu imalemba pamwamba, funsoli silionetsa kanthu, ndiye yerekezani kuchuluka kwa malisiti a m'kompyuta ndi a m'buku la kudepoti. Sungani zilembo zonse 64, ikani `UNIQUE` kuti nambala yobwereza izikanidwa, ndipo mlimi mum'patse nambala yongotsatana, 1, 2, 3, imene siingawombane. Ngati simungachitire mwina koma kudula, musatsike pa zilembo 16, pamene theka la mwayi limafika pa malisiti pafupifupi mabiliyoni 5.