Momwe mungathetsere mgwirizano wa intaneti ndi kuitanitsa ndalama za miyezi yotsala

Ngati munalipiriratu intaneti ya pakhomo ya chaka chonse ndipo mukufuna kusiya chaka chisanathe, dziwani kuti kungozimitsa makina sikuthetsa mgwirizano. Kampani imawerengabe masiku mpaka italandira chidziwitso chanu.

Yambani mwatenga chikalata chimene munasaina, kapena malamulo amene munavomereza polembetsa, ndipo mupeze ndime yonena za kuthetsa mgwirizano ndi yonena za kubweza ndalama. Lembani manambala a ndimezo, chifukwa pempho lanu lidzatsamira pamenepo. Onetsetsani masiku a chidziwitso amene akufunika, ndiponso ngati pali chindapusa chosiyira panjira.

Kenako werengetsani nokha ndalamazo. Tiyerekeze kuti munalipira K240,000 ya miyezi 12, mwagwiritsa ntchito miyezi inayi, ndipo ndime 7 ikufuna chidziwitso cha masiku 30. Mwezi wa chidziwitsowo umalipiridwanso, choncho miyezi yotsala ndi isanu ndi iwiri, yomwe pa K20,000 pamwezi ikukwana K140,000. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, chifukwa mtengo wa pachaka kawirikawiri umakhala wotsitsidwa, ndipo migwirizano ina imalola kampani kuwerengera miyezi imene mwagwiritsa kale ntchito pa mtengo wa mwezi ndi mwezi. Ngati mtengowo ndi K25,000, miyezi isanu ikudya K125,000, ndipo mudzalandira K115,000 yokha. Ndi bwino kuzindikira zimenezi musanatchule chiwerengero m'kalata.

Kalatayo ikhale yaifupi, yokhala ndi dzina lanu, nambala ya akaunti ndi tsiku. Mtima wake ukhoza kukhala wotere: "Potsatira ndime 7 ya mgwirizano wathu, ndikupereka chidziwitso cha masiku 30 chothetsa mgwirizanowu, ndipo potsatira ndime 9 ndikupempha kuti mundibwezere K140,000 ya miyezi isanu ndi iwiri yotsala." Tchulani kumene atumize ndalamazo, ikanipo kope la lisiti, ndipo pemphani yankho lolembedwa pofika tsiku lakutilakuti.

Musadalire kuimba foni, chifukwa mawu apakamwa sasiya umboni. Tumizani imelo, kapena kaperekeni kalata pamanja ndipo akudindireni kope lanu, popeza kawirikawiri masiku 30 aja amayamba kuwerengedwa kalata ikalandiridwa. Ngati munalamula banki kuti izidula ndalama yokha, kaimitseni lamulolo, ndipo pobweza makina a kampani mulandire chikalata chosonyeza kuti afika ali bwino.

Tsiku lija likadutsa popanda yankho, lembaninso kamodzi. Akakhalabe chete, kapena akakana popanda kutchula ndime imene akuimirapo, tengerani makalata onse ndi malisiti ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, kapena ku CFTC, lomwe limalandira madandaulo a ogula. Koma ngati mgwirizano ukunena momveka kuti ndalama zolipiriratu sizibwezedwa, dandaulo lanu lidzalimba kwambiri mukasonyeza kuti kampaniyo sinapereke ntchito imene inalonjeza, choncho sungani masiku onse amene intaneti inali yosagwira ndi mauthenga amene munawatumizira powadziwitsa.