Zoyenera kuchita banki ikakukanizani ngongole musanapemphenso kachiwiri

Banki kapena bungwe lobwereketsa ndalama likakana pempho lanu la ngongole, musathamangire kukalemba fomu ina kwina tsiku lomwelo, chifukwa chimene chalepheretsa pempho loyambalo chikakutsatirani komweko. Choyamba, bwererani kwa ofesala wa ngongole amene analandira mapepala anu ndipo mumufunse mwaulemu kuti: "Bambo, mungandiuzeko chenicheni chimene chalepheretsa pempho langa, kuti ndikachikonze?" Musakhutire ndi yankho lakuti simunakwanitse zofunikira. Funsitsitsani ngati vuto lili pa mbiri yanu ya ngongole, pa chikole, pa mapepala, kapena pa kuchepa kwa ndalama zimene mumapeza.

Ngati vuto ndi mbiri ya ngongole, dziwani kuti obwereketsa amafufuza dzina lanu ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka, monga Credit Data CRB, amene amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Pemphani lipoti lanu pogwiritsa ntchito chiphaso chaunzika ndipo muliwerenge mzere ndi mzere. Mukapeza ngongole yomwe munamaliza kale kubweza koma ikuonekabe ngati yotsala, pitani kumene munabwerekako mukatenge kalata yotsimikizira kuti munabweza zonse, kenako mupemphe kuti mbiriyo ikonzedwe. Ngati ngongoleyo ndi yoona, palibe njira yachidule: ibwezeni kapena gwirizanani ndondomeko yobwezera, ndipo musunge malisiti onse.

Vuto la mapepala silichedwa kukonza: chiphaso chotha ntchito, dzina losiyana pa chiphaso ndi pa akaunti, kapena umboni wa kumene mumakhala.

Chimene chimagwetsa amalonda ambiri a mu Zomba, m'kuona kwanga, ndi masamu a kabwezedwe. Tiyerekeze mayi wa ku Chinamwali amene amapikula mpunga ku Jali n'kumaugulitsa mumsika waukulu wa Zomba. Mayiyu wapempha K3,000,000 yoti abweze m'miyezi 12, ndipo tinene kuti pamodzi ndi chiwongoladzanja ayenera kumapereka K320,000 mwezi uliwonse. Phindu lake akachotsa thiransipoti, chigayo ndi chiphaso cha msika ndi K450,000 pamwezi, komanso ali ndi ngongole ya ku banki mkhonde imene imamudyera K100,000. Ofesala akawerengera apeza kuti pakutsala K30,000 yokha yoti banja lidye, kulipira lendi ndi fizi ya ana, ndipo palibe wobwereketsa wanzeru amene angavomere zoterozo.

Palinso china chimene mayiyu sanachiganizire. Makasitomala ake amalipira ndalama pamanja, iye n'kumangirira pachitenje, m'mawa mwake n'kukapikulira mpunga wina, moti sitetimenti yake ya ku banki ikungoonetsa mwina K200,000 yolowa pamwezi. Malonda akuyenda ndithu, koma pamaso pa banki sakuoneka.

Kukonza kwake kumafuna miyezi ingapo. Mayiyu ayambe kuika ndalama zogulitsa ku akaunti nthawi ndi nthawi asanakapikule katundu wina, ndipo makasitomala olipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba awalandire mosangalala chifukwa malipiro otere amasiya umboni. Akhalenso ndi kope lolembamo matumba amene wagula, mtengo wake, ndi zimene wagulitsa tsiku lililonse. Asayese kubwereka ndalama kwa mnansi n'kuziika mu akaunti kutatsala mlungu umodzi kuti apemphe ngongole, chifukwa ndalama yambiri yolowa kamodzi n'kutulukanso msanga imaonekeratu pa sitetimenti, ndipo imangobweretsa chikayiko. Pa nthawi yomweyo amalize ngongole ya ku banki mkhonde, osati poitsekera ndi ya katapila.

Akabwereranso apemphe yocheperapo. Pa masamu omwewo, K1,200,000 ingafune K128,000 pamwezi, ndipo pa phindu la K450,000 pangatsale K322,000 yoyendetsera pakhomo. Afotokozenso momveka ntchito ya ndalamayo: matumba angati, pa mtengo wanji, ndipo adzagulitsidwa liti. Nthawi yopemphera ikhale yoti ndalama zimupeze pamene mpunga ukukololedwa ndipo mtengo uli pansi.

Kwa aphunzitsi, apolisi, asilikali ndi ena olandira malipiro apamwezi, masamu omwewa amachitikira pa peyisilipu. Ngati akukudulani kale ngongole ziwiri kapena zitatu, ndi bwino kudikira imodzi ithe musanapemphe ina.

Ngati chokanira chinali chikole, funsani mtundu wa chikole umene bungwelo limalandira, popeza malo opanda mapepala a umwini mabanki kawirikawiri sawalandira. Pamenepo ganizirani za SACCO, kumene kuchuluka kwa ngongole kumayendera masheya ndi ndalama zimene mwasunga, kapena ngongole za m'magulu zimene mamembala amaimirana okhaokha. Musanasayine kulikonse, pemphani pepala loonetsa ndalama zonse zimene mudzabweze, kuphatikizapo za inshuwalansi ndi zolipirira fomu, ndipo muyerekeze ndi phindu lolembedwa m'kope lanu.