Momwe mungaphunzirire nsichi zisanu za Chisilamu ndi malamulo ake

Wophunzira watsopano ku madrasa amaloweza nsichi zisanu tsiku limodzi lokha: Shahada, Swala, Zakaati, Swaumu ndi Hajji. Ntchito yeniyeni imayamba mukafunsa mafunso awiri pa nsichi iliyonse. Loyamba, kodi lamuloli landigwira ine? Lachiwiri, nchiyani chiyenera kukwanira kuti chimene ndachitacho chikhale cholondola? Ndifotokoza motsatira mazihabu a Imamu Shafi, amene Asilamu ambiri a ku Mozambique ndi ku Malawi amatsatira.

Yambani ndi Shahada, kuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah, ndi kuti Muhammad (mtendere ukhale pa iye) ndi Mtumiki wake. Muyenera kudziwa tanthauzo lake, kukhulupirira mumtima popanda chikaiko, ndi kunena ndi pakamwa mwa kufuna kwanu. Wolowa Chisilamu chifukwa cha ukwati afunsidwe bwino pamenepa, chifukwa nsichi zinayi zotsalazo zaima pa iyi.

Kenako Swala, mapemphero a tsiku ndi tsiku. Imakakamizidwa kwa Msilamu wotha msinkhu, wamutu wabwino, ndipo mkazi amene ali kumwezi kapena m'magazi a uchembere saswali, sabwezanso. Pa tsiku pali Swala zisanu: Subuhi marakaa 2, Dhuhuri 4, Asiri 4, Magharibi 3 ndi Isha 4. Musanaime, onani ngati nthawi yakwana, ngati mwatawasa, kutanthauza kusambitsa ziwalo pokonzekera Swala, ndi ngati thupi, zovala ndi malo zilibe najisi monga mkodzo. Mwamuna abise kuyambira pamchombo kufika m'mawondo, mkazi thupi lonse kupatula nkhope ndi manja. Kuno ku Tete Kibula, mbali yoyang'ana poswali, ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ambiri amapunthwa pa kutawasa. Madzi ayenera kufika pakhungu, choncho penti wouma pa dzanja kapena chidendene chosanyowa chimaononga udhu, womwe ndi kutawasa kuja, ndipo Swala yake iyenera kubwerezedwa.

Zakaati, chopereka chokakamizidwa cha pa chuma, ndi imene ndikufuna tichedwepo, chifukwa alimi ambiri amaganiza kuti ndi ya eni magolosale okha. Pa ndalama ndi katundu wamalonda pali zofunika ziwiri: chumacho chifike pa nisabu, womwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo chikhale m'manja mwanu chaka chathunthu chowerengera mwezi, masiku pafupifupi 354. Zikatero mumapereka 2.5 pa 100 iliyonse. Amene wasunga mametikali 400,000 chaka chonse, ngati afika pa nisabu malinga ndi mtengo wa tsikulo, apereka 10,000.

Zakumunda sizidikira chaka. Titenge mlimi wa ku Angonia amene wakolola chimanga matumba 20 a makilogalamu 50, chouma ndi chotongola kale. Onse pamodzi ndi makilogalamu 1,000, kupitirira nisabu wa mbewu womwe ndi pafupifupi 653. Poti chimangacho chakula ndi mvula, apereka gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti matumba awiri. Akanathirira ndi pampu ya mafuta akanapereka theka lake, thumba limodzi. Mnzake amene wapeza matumba 12 sanafike pa nisabu, ndipo lamuloli silimugwira. Kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi sizilowa mu Zakaati ya mbewu kwa Ashafi, ngakhale Ahanafi amaziwerengera, koma ndalama zogulitsa zikakhalitsa chaka zimalowa m'lamulo la ndalama. Pa ziweto zodya kubusa, mbuzi 40 mumachotsapo imodzi, ng'ombe 30 mwana wa chaka chimodzi, chaka chikatha. Oyenera kulandira ndi magulu asanu ndi atatu otchulidwa mu Sura 9 ndime 60, ndipo simungapatse mkazi wanu, ana kapena makolo amene muli ndi udindo wowasamala. Pamenepa ndimapempha kuti tisamadzinamize, chifukwa thumba lopita kwa amayi anu ndi udindo wina, si Zakaati.

Swaumu, kusala kwa m'mwezi wa Ramadhani, imayamba m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo niya, kutsimikiza mumtima kuti musala, muichite usiku uliwonse kusanache. Kudya, kumwa, kudzisanzitsa kapena kugonana mwadala kumaiononga, koma wodya moiwala apitirize. Wodwala ndi wapaulendo woposa makilomita 81, monga wochoka ku Ulongwe kupita mumzinda wa Tete, angathe kumasula nadzabweza. Mkazi wakumwezi samanga, koma apa masikuwo amabweza, mosiyana ndi Swala. Nkhalamba yosatha kupirira imapereka chakudya kwa wosauka pa tsiku lililonse.

Hajji ndi kamodzi pa moyo, kwa amene ali ndi thanzi, njira yotetezeka, ndi ndalama za ulendo zotsala atachotsa ngongole ndi zosamalira banja mpaka atabwerako. Imachitika ku Makka m'mwezi wa Dhul Hijja, ndipo wophonya kuima pa chigwa cha Arafa, komwe kumayamba masana a pa 9 mpaka m'bandakucha wa pa 10, alibe Hajji chaka chimenecho. Umra, ulendo waung'ono wa ku Makka, ya mwezi wina siilowa m'malo mwake.