Chigayo chonjenjemera: lamba, mabeyaringi ndi mapule

"Chigayo changa ku Katete chikunjenjemera kwambiri ndipo lamba akuterereka. Ndiyambire pati?"

Khalani ndi masipanala, girisi ndi chingwe chopyapyala.

1. Zimitsani injini. Ngati n'chamagetsi, thimitsani swichi yaikulu.

2. Mangitsani mabawuti ogwira chigayo pa simenti.

3. Tsegulani muone mahamala. Imodzi ikathyoka kapena ikatha kuposa inzake, mbali imodzi imalemera. Sinthani kapena tembenuzani onse pamodzi.

4. Chotsani lamba, mugwedeze shafuti ndi manja. Ikamasewera kapena kukhuluza poizungulitsa, beyaringi yatha. Sinthani zonse ziwiri, girisi sangaichiritse.

5. Kokani chingwe m'mbali mwa mapule awiriwo. Chikhudze malo anayi, awiri pa pule iliyonse. Pakatsala mpata, sunthani injini mpaka uthe.

6. Bwezerani lamba. Mukadina pakati ndi chala chachikulu, alowe pafupifupi masentimita 1.5 pa mita imodzi ya mtunda wa pakati pa mapule. Ambiri amalakwitsa pano. Akamva lamba akulira amangokungitsa, ndipo beyaringi yatsopano ija imatentha n'kufa. Lamba wonyezimira m'mbali kapena wokhudza pansi pa mphako ya pule watha kale, musamukunge, gulani wina.