Momwe mungasinthire kagwiridwe ka ntchito popanda kudana ndi antchito anu

Tiyerekeze kuti ndinu manijala wa sitolo yogulitsa feteleza ndi mbewu pa boma, muli ndi antchito 12, ndipo eni sitolo alamula kuti mabuku a malisiti athe, zonse zizilembedwa pa kompyuta. Mukangolengeza Lolemba m'mawa, onse ayankha kuti "tamva bwana". Pofika Lachinayi mumva zoti makina akuvuta, buku lakale lija labwerera pa kauntala.

Katswiri wina wa maganizo a anthu, Kurt Lewin, yemwe adamwalira mu 1947, adasiya njira ya magawo atatu yomwe imathandiza pamenepa: kufewetsa, kusintha ndi kulimbitsa. N'chimodzimodzi woumba mbiya, amene amayamba wanyowetsa dongo, kenaka n'kuumba, pomaliza n'kuotcha.

Gawo loyamba, kufewetsa, ndilo ambiri amalumpha. Lewin ankati pantchito pamakhala mphamvu ziwiri, ina yokankhira anthu ku zatsopano, ina yowabweza. Mukawonjezera kukankha ndi makalata a chenjezo, nawonso amalimbitsa miyendo. Chanzeru n'kuchepetsa zowabwezazo.

Choncho dzipatseni milungu itatu musanalumikize kompyuta. Onetsani chifukwa chooneka ndi maso, monga matumba 7 a feteleza omwe sadapezeke powerenga katundu mwezi watha, aliyense n'kumaloza mnzake. Kenaka chezani ndi munthu mmodzimmodzi, chifukwa pagulu palibe angaulule mantha ake. Mupeza kuti bambo osunga katundu, omwe agwira zaka 15, sakudana ndi kompyuta ayi, akuopa kuphunzitsidwa ndi mnyamata wobwera dzulo anzawo akuonerera. Wolandira ndalama akuopa kuti akadina polakwika adzamudula malipiro. Ena akungowerengera kuti makina akabwera, achotsedwa ndani. Lembani mantha onsewa, lililonse mulipezere yankho lake. Bambo aja aphunzitseni paokha, sitolo itatsekedwa. Za kuchotsedwa ntchito, nenani zokhazo zomwe eni sitolo atsimikiza, chifukwa lonjezo limodzi labodza lidzakuphwanyirani zonse.

Apatseninso gawo pokonza dongosolo. Mu 1948, Lester Coch ndi John French adalemba za fakitale yosoka zovala zogonera ku Virginia, m'dziko la Amerika. Gulu lomwe lidangouzidwa za kusintha lidatsika pa ntchito ndipo ena adasiya, pamene magulu omwe adakonza nawo njira yatsopano adabwerera msanga pa liwiro lawo mpaka kulipitirira. Kwa inu, izi zikutanthauza kuti mayina a katundu pa kompyuta asankhe ndi ogulitsawo, monga momwe alimi amaitanitsira.

Gawo lachiwiri ndi kusintha kwenikweniko. Musayambe mu Novembala, mvula itagwa, mzere wa alimi utafika kumsewu. Yambani mu Juni kapena Julayi, malonda a mbewu ali zii. Kauntala imodzi ikhale yoyamba, ndipo kwa milungu iwiri muzilemba ponse pawiri, m'buku ndi pa kompyuta, madzulo n'kufananiza. Lengezani kuti zolakwika za mwezi woyamba sizidulitsa munthu malipiro. Liwiro litsika ndithu, makasitomala ena adandaula, ndipo eni sitolo muwauziretu kuti asadzaganize kuti zakanika. Gwirizananinso chochita magetsi akathima, apo ayi kuthima koyamba kudzakhala chifukwa chobwezeretsera buku mpaka kalekale.

Samalani ndi chete. Wotsutsa mokweza akukupatsani zoti mukonze. Woopsa ndi uja amangoti "zili bwino" koma ali ndi kabuku kake m'thumba, n'kumalowetsa zonse pa kompyuta 5 koloko ikamayandikira. Mumuzindikira poona nthawi yomwe malisiti ake alowera: onse aunjikana ola limodzi.

Gawo lachitatu, kulimbitsa, n'kutseka njira yakale. Ikani tsiku, sonkhanitsani mabuku onse, muwakhomere mukabati kusiya limodzi logwiritsa ntchito magetsi akathima, lomwe masamba ake ali ndi manambala. Lipoti la pamwezi lizichokera pa kompyuta basi, ndipo wolembedwa ntchito watsopano asaphunzitsidwenso za buku. Inunso dzigwireni. Tsiku lomwe mudzanene mwachangu kuti "tabweretsani buku lija tione", antchito adzadziwa kuti ngakhale bwana makinawo sawakhulupirira.

Njira ya Lewin imayenda bwino pa kusintha komwe kuli ndi poyambira ndi pothera. Ngati eni sitolo akufunanso kusintha maola ogwirira ntchito, apempheni adikire mpaka kuwerenga katundu kutagwirizana ndi kompyuta miyezi iwiri yotsatizana.